Timizere ta netiweki tadzaza, nanga vidiyo kolo ikuumiranji? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu a kuno ku Zomba amandifunsa kawirikawiri ndikamawalumikizira intaneti m'nyumba ndi m'maofesi. Ambiri amadandaula zofanana: foni ikuonetsa netiweki yodzaza, bandulo ilimo, koma nkhope ya amene akulankhula naye yauma, mawu akudukaduka, ndipo theka la nthawi likuthera pa "mukundimva?" Ndayankha mmene ndimayankhira tikakhala pamaso m'pamaso.

Achimwene, timizere tonse tadzaza ndipo pakuoneka 4G. Si ndiye kuti netiweki ili bwino?

Timizere timayeza chinthu chimodzi chokha, mphamvu imene chizindikiro cha nsanja ya netiweki chikufikira pa foni yanu. Sitidziwa kuti nsanjayo ikutumikira anthu angati pa nthawiyo, sitidziwa ngati mawu a foni yanu akufika bwino kunsanjako, komanso sitidziwa chilichonse cha njira yochokera pansanja kupita kumene kuli mnzanuyo.

Zili ngati munthu wokhala pafupi ndi chigayo. Kulira kwa chigayo amakumva bwino lomwe ali pakhonde pake, koma kumva kulirako sikumuuza kuti pamzere pali matumba angati patsogolo pa thumba lake. Timizere ndi kulira kwa chigayoko. Kolo yanu imadalira mzere.

Nsanja ya 4G imagawira mafoni mpata wotumiza ndi kulandira pa milisekondi iliyonse, kutanthauza ka 1,000 pa sekondi. Mpatawo ndi wowerengeka. Mafoni ofuna deta akakhala khumi, aliyense amapeza gawo lalikulu, koma akachuluka kwambiri aliyense amadikira nthawi yake, pamene timizere pa mafoni onsewo tili todzaza chimodzimodzi. Onjezaninso kuti palibe lamulo limodzi la kajambulidwe ka timizere. Kampani iliyonse yopanga mafoni imasankha yokha kuti mphamvu yakuti ikhale timizere tinayi, n'chifukwa chake mafoni awiri ali patebulo limodzi, a netiweki imodzi, amatha kuonetsa zosiyana.

Amene akufuna nambala yeniyeni aipeza pa mafoni ambiri a Android mu Settings, About phone, SIM status. Imalembedwa mu dBm ndipo imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Pa 4G, nambala ya kufupi ndi -80 ndi yabwino ndithu, ya kufupi ndi -110 ndi yofooka. Koma ngakhale nambalayi ikunena za mphamvu basi.

Kodi tikamaimba vidiyo kolo chimayenda pa netiweki n'chiyani kwenikweni?

Timapaketi. Foni imadula mawu anu m'tizidutswa, kawirikawiri ta mamilisekondi 20 kalikonse, ndiye pa sekondi imodzi imatumiza timapaketi ta mawu pafupifupi 50. Kamera nayo imajambula zithunzi mpaka 30 pa sekondi, ndipo chithunzi chilichonse chimagawidwa m'mapaketi angapo, lililonse la mabaiti pafupifupi 1,200. Paketi iliyonse imayenda payokha, imadutsa pansanja, pa nthambo za faiba, pa makina ambiri osankha njira, kenako foni ya mnzanu imawasonkhanitsa ndi kuwasewera motsatana.

Paketi ingakumane ndi mavuto atatu panjira. Ikhoza kuchedwa, ndipo kuchedwako akatswiri amakutcha letensi. Mapaketi akhoza kufika mosasunga nthawi, ena msanga ena mochedwa, imeneyo ndiye jita. Kapena paketi ikhoza kusowa osafika n'komwe. Vuto lililonse mwa atatuwa limaoneka mwanjira yakeyake pa kolo, ndipo mukazolowera mumatha kulizindikira ndi khutu musanayeze chilichonse.

Letensi imamveka bwanji, ndipo yochuluka ndi iti?

Letensi yokha siumitsa chithunzi. Chimene imachita n'chakuti inu ndi mnzanu mumalankhulira pamodzi, kenako nonse n'kukhala chete, kenako n'kuyambanso pamodzi. Mwapereka moni kwa apongozi, iwo sakuyankha, mukubwereza, ndiye yankho lawo likufika pakati pa moni wachiwiri. Mawu akumveka bwino koma akufika mochedwa.

Bungwe loona za matelefoni padziko lonse la ITU, m'malangizo ake otchedwa G.114, limanena kuti mawu akamatenga mamilisekondi osapitirira 150 kuchoka pakamwa pa wina kufika kukhutu la mnzake, anthu ambiri saona vuto, ndipo kupitirira 400 n'kosayenera pa kukambirana. Dziwani kuti iyi ndi nthawi ya ulendo wopita wokha. Zida zambiri zoyezera zimaonetsa ulendo wopita ndi kubwerera.

Gawo lina la kuchedwaku palibe angalichotse. Kuwala m'nthambo ya faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndiye makilomita 1,000 aliwonse amadya mamilisekondi 5. Kuchoka ku Zomba kupita ku Blantyre, mtunda wosafika makilomita 70, sikutenga ngakhale theka la milisekondi. Koma kolo ya pa intaneti nthawi zambiri simayenda molunjika. Malawi alibe gombe la nyanja ya mchere, choncho deta yathu yopita kunja imadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania, Mozambique ndi Zambia isanafike ku nthambo za pansi pa nyanja kapena ku maseva akuluakulu, makompyuta amene amayendetsa mapulogalamu a pa intaneti. Ngati pulogalamu yanu ikudutsitsa kolo pa seva ya kunja, munthu wa ku Chinamwali akamalankhula ndi wa ku Sadzi mawu awo amatha kutuluka m'dziko n'kubwereranso. Nthambo ya makilomita 10,000 imawonjezera mamilisekondi 50 popita ndi 50 pobwera, musanawerengere za nsanja ndi za foni yomwe.

Komabe mtunda sindimauopa kwambiri, chifukwa susintha, ndipo munthu amazolowera kudikira pang'ono. Kuchedwa koopsa ndi kwa pamzere, kumene kumakwera ndi kutsika mosayembekezeka.

Nanga jita? Ngati mapaketi onse akufika, vuto lili pati?

Vuto ndi nthawi yofikira. Foni ya mnzanu imafunika kapaketi ka mawu katsopano pa mamilisekondi 20 aliwonse. Tiyerekeze kuti koyamba katenga mamilisekondi 70 panjira, kachiwiri 75, kachitatu 310, kachinayi 72. Nthawi ya kachitatu ikakwana foni ilibe choti isewere, ngakhale kachinayi kafika kale.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, pulogalamu imasunga mapaketi kwa kanthawi isanawasewere, kuti ochedwa awapeze anzawo. Netiweki ikakhala yokhazikika, kanthawi kosungirako kamakhala kochepa. Ikayamba kusinthasintha, pulogalamu imakatalikitsa, ndipo zotsatira zake n'zakuti kolo yonse imachedwerapo. Koma singadikire mpaka kalekale. Paketi yofika nthawi yake itadutsa imatayidwa, ndipo kwa kolo paketi yochedwa kwambiri ndi yosowa n'chimodzimodzi.

Chizindikiro cha jita n'chosavuta kuchidziwa. Mnzanu amakhala chete kwa sekondi imodzi kapena awiri, kenako mawu ake amabwera mothamanga, ndipo chithunzi chimalumpha kuchoka pamene anauma kufika pamene ali tsopano. Amenewo ndi mapaketi amene anatsekeredwa pena pake n'kumasulidwa onse nthawi imodzi, ndipo pulogalamu ikuwasewera mofulumira kuti ipeze nthawi imene yatayika.

N'chifukwa chiyani chithunzi chimauma pamene mawu akumvekabe?

Funso ili ndimalikonda chifukwa yankho lake limamasula zambiri. Mawu ndi opepuka. Zoom imanena kuti mawu okha amafuna makilobiti 60 mpaka 80 pa sekondi, pamene vidiyo ya anthu awiri imafuna pafupifupi 600, ndipo yooneka bwino kwambiri ya 720p imafuna 1,200. Kapaketi kamodzi ka mawu kakasowa, patayika mamilisekondi 20 okha, ndipo pulogalamu imatseka mpatawo poyerekeza kuchokera pa mawu amene angodutsa. Khutu silizindikira. Timapaketi tambiri tikasowa motsatizana m'pamene mawu amamveka achitsulochitsulo, kapena zilembo zina zimadyeka.

Vidiyo ndi ina. Foni situmiza chithunzi chathunthu ka 30 pa sekondi, deta yake ingachuluke kwambiri. Imatumiza chithunzi chathunthu kamodzi, kenako imangotumiza zimene zasintha: pakamwa pasuntha chonchi, mutu wapendekera uku, khoma la kumbuyo lili momwemo. Chithunzi chilichonse chimamangidwa pa chinzake cha m'mbuyo. Chimodzi chikasoweka chidutswa, zotsatira zake zonse zilibe pomangira.

Tiwerengere limodzi. Vidiyo ya makilobiti 1,200 pa sekondi, ya zithunzi 30, imapatsa chithunzi chilichonse mabaiti pafupifupi 5,000, popeza baiti imodzi ndi mabiti 8, ndipo amenewa ndi mapaketi anayi kapena asanu. Pa sekondi ndi mapaketi pafupifupi 125. Ngati mapaketi 2 pa 100 aliwonse akutayika, zimene zimamveka ngati zochepa, ndiye kuti awiri kapena atatu akusowa pa sekondi iliyonse, ndipo pafupifupi chithunzi chimodzi pa khumi chikufika choperewera.

Foni yolandira ikaona kuti paketi yasowa imapempha kuti itumizidwenso. Apa m'pamene letensi ndi kutayika zimagwirizana kukuvutitsani. Ngati ulendo wopita ndi kubwerera ndi mamilisekondi 60, paketi yobwereza imafika msanga ndipo simuona kanthu. Ngati ndi 600, chithunzi chiyenera kuima kudikira. Zikakanika, foni imapempha chithunzi chathunthu chatsopano, chimene ndi chachikulu kangapo kuposa zinzake, ndipo chiyenera kudutsa pa njira yomwe ija yodzaza kale. Nthawi yonseyi foni imangokuonetsani chithunzi chomaliza chimene inalandira chathunthu, n'chifukwa chake mwana wanu amauma ali kukamwa yasa, mawu ake akupitirira.

Koma YouTube ikuyenda bwinobwino pa foni yomweyi. Zitheka bwanji?

YouTube, TikTok ndi zina zotere zimakoperatu masekondi angapo a kutsogolo musanawaone. Netiweki ikaima kwa masekondi awiri, inu mukuonera zimene zinafika kale, ndipo paketi yosowa imatumizidwanso mwakachetechete. Kolo ilibe mwayi umenewo chifukwa mawu a sekondi ikubwerayi mnzanu sanawalankhule. Komanso poonera vidiyo mumangolandira, pamene pa kolo mumatumizanso zochuluka ngati zimene mukulandira.

Chimodzimodzi ndi zoyezera liwiro. Zikakuuzani kuti muli ndi mamegabiti 20 pa sekondi, zanena kuchuluka kwa deta imene yadutsa pa masekondi angapo, osati kuti inadutsa mosadukiza. Pa kolo ndingasankhe mamegabiti 2 okhazikika kusiyana ndi 20 obwera mwa apo ndi apo.

Mwana wanga ku Joni akuti ine ndi amene ndauma, koma ine ndikumuona bwino. Wavuta ndani?

Mayi, nthawi zambiri zikatero vuto lili pa njira yotumizira ya mbali yanu. Kolo ili ndi njira ziwiri, yobwera ndi yopita, ndipo imodzi ikhoza kukhala bwino inzake ikuvuta. Amene akuoneka wouma ndi amene kutumiza kwake kukuvuta, kapena amene akumuona kulandira kwake kukuvuta. Popeza pa netiweki za mafoni kutumiza ndi kumene kumakhala kofooka, yambani kukayikira mbali ya amene wauma. Pa kolo ya anthu ambiri n'zosavuta kusiyanitsa: ngati onse akuti munthu mmodzi wauma, vuto ndi lake, koma ngati inu nokha mukuona onse atauma, ndi lanu.

Kutumiza kumafooka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, nsanja imaulutsa ndi mphamvu ya mawati makumi angapo, ili pamwamba, pamene foni ya 4G nthawi zambiri sipitirira mamiliwati 200, ili m'dzanja, m'nyumba ya njerwa ya malata. N'zotheka ndithu foni kumamva nsanja bwino nsanjayo ikuvutika kumva foni, ndipo timizere timangoonetsa mbali yoyambayo.

Chachiwiri ndi chimene ndimachipeza kwambiri m'nyumba za anthu, ndipo chimandipweteka mtima chifukwa anthu amagula bandulo ina kapena simu ina pa vuto loti akanalithetsa ulele. Ndi mzere umene umapangika m'kati mwa rauta, kamayifayi kapena foni yomwe. Chipangizo chikapatsidwa deta yochuluka kuposa imene chingatumize, chimaisunga pamzere, ndipo zambiri zimatumiza motsatira amene wayamba kufika, osasiyanitsa paketi ya mawu ndi ya chithunzi cha pa ukwati. Tinene kuti kutumiza kwanu ndi megabiti imodzi pa sekondi, amene ndi makilobaiti 125. Mdzukulu wanu, amene walumikiza foni yake pa wayifayi yomweyo, akuika vidiyo ya mamegabaiti 20 pa sitetasi. Vidiyoyo idzatenga masekondi 160 kuti ituluke. Ngati mzere wa m'chipangizocho umasunga makilobaiti 250, paketi iliyonse ya mawu anu idzadikira masekondi awiri athunthu kumbuyo kwa vidiyoyo. Kwa mphindi pafupifupi zitatu mwana wanu adzakuonani mutauma, kenako zonse zidzabwerera mwakale popanda amene wakonza kanthu, inu n'kumati netiweki inangochoka.

Nthawi zina palibe n'komwe amene akutumiza mwadala. Foni yokha imayamba kusunga zithunzi ku Google Photos, kapena WhatsApp kusunga mauthenga, ikangolumikizidwa pa wayifayi. Laputopu yolumikizidwa pa hotisipoti imachita zomwezo.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto lili m'nyumba mwanga kapena kunja?

Pali lamulo lakale lotchedwa `ping`, limene limatumiza kapaketi kakang'ono kumalo amene mwatchula n'kuyeza nthawi imene katenga kupita ndi kubwerera. Pa laputopu ya Windows tsegulani Command Prompt. Pa foni pali timapulogalamu taulere tochita zomwezo. Chinsinsi chake ndi kuyeza malo awiri, apafupi ndi akutali, vuto lili mkati mochitika, osati litatha.

Titenge chitsanzo cha mphunzitsi wa ku Matawale amene amachita maphunziro a pa Zoom madzulo, pa laputopu yolumikizidwa ku kamayifayi. Manambala ndikuikawa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake, anu adzakhala ena. Ayambe ndi kamayifayi komweko. Adiresi yake aipeza polemba `ipconfig` n'kuyang'ana pa Default Gateway. Tinene kuti ndi 192.168.8.1:

```
ping -n 50 192.168.8.1
```

Apa paketi sikutuluka m'nyumba, ndiye nthawi iyenera kukhala yosapitirira mamilisekondi 10, popanda yotayika. Ngati akuona 3, 4, kenako 180, kenako `Request timed out.`, asapite patali, vuto ndi wayifayi ya m'nyumba. Mwina kamayifayi kali kuchipinda kuseri kwa makoma awiri, kapena wayifayi za anthu oyandikana nawo zikupikisana pa 2.4 GHz, zimene zimachitika kwambiri m'nyumba zamidadada zowirirana ngati za ku Chikanda.

Tinene kuti apa zonse zili bwino, manambala ndi 2 ndi 3. Ayeze kunja:

```
ping -n 50 8.8.8.8
```

Pomaliza Windows imalemba chidule chonga ichi:

```
Packets: Sent = 50, Received = 47, Lost = 3 (6% loss),
Minimum = 62ms, Maximum = 940ms, Average = 310ms
```

Mizere iwiriyi ili ndi zonse zitatu zija. Minimum, 62, ndi kutalika kwa njira pamene palibe mzere, ndipo ndi yabwino. Kusiyana kwa Minimum ndi Maximum, kuchoka pa 62 kufika 940, kukusonyeza kusakhazikika kwakukulu. Mapaketi atatu pa 50 atayika. Ndi manambala otere kolo singayende, ngakhale kamayifayi kakuonetsa timizere tonse.

Funso latsala n'lakuti mzerewo uli pati. Achotse pa wayifayi mafoni onse a m'nyumba, atseke zonse pa laputopu, ayezenso. Ngati manambala atsika n'kumazungulira pa 62 mpaka 85 popanda kutayika, mzere unali m'kamayifayi kake, ndipo abwezere mafoni imodziimodzi mpaka apeze imene ikukweza manambala. Ngati sanasinthe, ayeze m'mawa kwambiri tsiku lotsatira ali pamalo omwewo. M'mawa akakhala abwino madzulo oipa, nsanja kapena njira yochokera pansanjayo ikudzaza ndi anthu. Akakhala oipa nthawi zonse koma n'kusintha akatulutsa kamayifayi pakhonde, vuto ndi la mafunde pakati pa nyumba ndi nsanja.

Chenjezo limodzi: 8.8.8.8 ndi seva ya Google, ndipo kolo yanu mwina ikudutsa njira ina. Kuyeza kumeneku kumanena zoona za gawo loyambirira la ulendo, kuchoka kwa inu kudutsa pansanja mpaka kutuluka mu netiweki yanu, koma sikuona zimene zikuchitika mbali ya mnzanu. Pa Zoom ya pa kompyuta pali manambala a kolo yeniyeniyo, mu Settings, Statistics, pa Audio ndi Video. Amaonetsa Latency, Jitter ndi Packet Loss, mbali ya Send ndi ya Receive payokhapayokha. Malangizo a Zoom ndi akuti yoyamba isapitirire 150 ms, yachiwiri 40 ms, yachitatu 2%. Yang'anani kwambiri mbali ya Send.

N'chifukwa chiyani zimavuta madzulo, kapena magetsi akazima, kapena mvula ikamagwa?

Madzulo n'chifukwa choti aliyense waweruka ndipo ali pa foni. Kumalo kumene anthu ambiri amasonkhana pamodzi, monga kuzungulira Chirunga ophunzira akakhala kuti atsegulira, kapena pamsika tsiku lodzaza, nsanja zomwezo zimasenza katundu wochuluka kuposa masiku ena.

Magetsi akazima, nsanja zimadalira mabatire kapena jenereta. Imodzi ikazima, mafoni ake amasamukira ku nsanja zoyandikana nazo. Foni yanu ikhoza kumaonetsabe timizere tokwanira, koma tsopano mukugawana mpata ndi anthu a dera lina lonse. Komanso magetsi akazima wayilesi za kanema zimazima, anthu n'kutembenukira ku mafoni.

Za mvula, anthu ambiri amaganiza kuti madontho amatchinga mafunde pakati pa foni ndi nsanja, koma pa mafunde amene 4G imagwiritsa ntchito kutchingako n'kochepa kwambiri. Chimene mvula yamphamvu imasokoneza ndi kulumikizana kwa nsanja ndi nsanja inzake. Nsanja zimene zilibe faiba zimatumizirana deta kudzera m'tizimbale tozungulira timene mumationa m'mwamba mwake, ndipo mafunde a timeneti ndi amene amafooka mvula ikalimba. Mvula ya m'mphepete mwa phiri la Zomba mukuidziwa. Timizere sitisintha chifukwa nsanja yanu ikuulutsabe, koma kuseri kwake njira yachepa.

Phiri lomweli lili ndi zake. Munthu ali pamalo okwera, monga panjira ya Ku Chawe, foni yake imamva nsanja zambiri nthawi imodzi. Mphamvu imakhala yochuluka, koma zizindikirozo zimasokonezana, ndipo foni imatha kumalumpha kuchoka pa nsanja ina kupita pa ina. Kulumpha kulikonse kumaimitsa mapaketi kwa kanthawi. N'chifukwa chakenso kolo ya m'minibasi yopita ku Limbe imadukaduka ngakhale timizere sitikutsika.

Kodi vuto lingakhale kutali kwambiri, kunja kwa dziko?

Inde, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa, ndipo intaneti inavuta kwa masiku angapo m'maiko a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Tanzania, Mozambique ndi Malawi. Nsanja zathu zinali bwinobwino, timizere todzaza, koma deta inkakakamizika kudutsa njira zina zazitali ndi zodzaza. Vuto lotere mumalidziwa chifukwa limakhudza anthu ambiri m'maboma osiyanasiyana nthawi imodzi, pamene kuimba kwa foni kwanthawi zonse kwa m'dziko momwemuno kukuyenda.

Ndikagula bandulo yaikulu zisintha?

Ayi. Bandulo ndi kuchuluka kwa deta imene mwaloledwa kugwiritsa ntchito, siisintha nthawi imene paketi imatenga panjira. Chokhacho choyenera kuonetsetsa n'chakuti bandulo yanu ikhale yolola pulogalamu imene mukuimbira, chifukwa ya WhatsApp yokha singayendetse Zoom.

Ndili ndi mayeso a ntchito pa vidiyo mawa. Ndikonzekere bwanji, achimwene?

Yezani lero, pa ola lomwe mudzakhale pa kolo mawa, muli pampando womwewo. Ngati muli ndi simu ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, yezani zonse ndi `ping` ndipo musankhe imene Minimum ndi Maximum zayandikana, osati imene ili ndi timizere tambiri. Yankho limasiyana dera ndi dera, ngakhale nyumba ndi nyumba, choncho musadalire zimene mnzanu wa ku Domasi wakuuzani.

Kamayifayi kapena foni ya hotisipoti muiike pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, ndipo muilumikize ku laputopu ndi nthambo ya USB ngati n'kotheka, kuti wayifayi ichokemo m'nkhaniyi. Apempheni a m'nyumba kuti achoke pa netiwekiyo kwa ola limenelo. Pa Windows, pitani pa zokonzera za kulumikizanako, kaya ndi kwa wayifayi kapena kwa USB, muyatse Metered connection, laputopu idzachepetsa zokopera zake za mseri. Foni ikhale yotchajidwa ndipo isakhale padzuwa, chifukwa ikatentha imadzichepetsera liwiro, ndipo chithunzi chimatha kuuma netiweki ili bwino.

Kolo ikayamba kuvuta muli mkati, musadikire kuti iduke. Ngati ndi pa Zoom, zimitsani kaye HD mu zokonzera za Video. Zikapitirira, pemphani mwaulemu kuti muzimitse kamera yanu kwa kanthawi. Mukatero mwatsitsa zimene mukutumiza kuchoka pa makilobiti mazanamazana kufika pa osakwana 100, mzere umaphwa m'masekondi ochepa, ndipo mawu anu amayera. Pa WhatsApp pali Use less data for calls, pansi pa Storage and data, imene imachepetsa katundu mofananamo. Ndipo kolo isanayambe, atumizireni okuyesaniwo nambala yanu ya foni, muwauze kuti intaneti ikavuta akhoza kukuimbirani mwachindunji n'kupitiriza mafunso.